Kalembedwe ka kalata yoperekeza pulopozo ya mjigo kwa bwanamkubwa

Kalata yoyamba imene ndinalembera komiti yathu pa nkhani ya mjigo inali ya masamba atatu. Ndinafotokozamo zonse: amayi odzuka tambala asanalire, ana ochedwa kusukulu chifukwa cha madzi, chitsime cha kudambo chimene tinkamwera limodzi ndi ng'ombe. Zonsezo zinali zoona. Koma titapita kukamva yankho, bambo wina wa mu ofesi anaitembenuza kalatayo uku ndi uku n'kundifunsa mwaulemu kuti, "Achimwene, vuto talimva. Nanga kwenikweni mukufuna kuti ife tichite chiyani?" Ndinasowa chonena, chifukwa m'masamba atatu onsewo munalibe mzere ndi umodzi womwe woyankha funso limenelo. Iwo ankayesa kuti tikupempha ndalama, chikhalirecho ndalama tinali titazipeza kale ndipo tinkangofuna chilolezo.

Kalata yoperekeza pulopozo ndi tsamba limodzi lokha. Ntchito yake ndi kuuza woilandira zinthu zinayi asanatsegule pulopozoyo: chimene mukupempha, kumene nkhaniyo yadutsa kale, amene alipire, ndi amene adzasamale mjigowo okumba akadzapita. Zina zonse zikhale mu pulopozo.

Musanagwire cholembera

Yambani mwadziwa njira imene kalata yanu idzayende. Kuchokera mu 1998, pamene lamulo la maboma ang'ono ndi ndondomeko ya mphamvu ku anthu zinakhazikitsidwa, chitukuko cha m'mudzi chili ndi makwerero ake. Nkhani imayambira ku VDC, komiti ya chitukuko ya kwa gulupu. Kuchoka apo imapita ku ADC, komiti ya dera lonse la mfumu yaikulu. Kenako imafika kukhonsolo, kumene bwanamkubwa amaipereka kwa mkulu wa zamadzi wa m'bomalo, ndipo nthawi zambiri imakambidwa m'gulu la akuluakulu oona za madzi ndi ukhondo, kapena ku DEC, kumene atsogoleri a nthambi za boma ndi mabungwe amakumana. Kalata yolumpha makwerero awiri oyambawo kawirikawiri imabwezedwa, ndipo amene amaibweza salakwa. Khonsolo iyenera kudziwa kuti mudzi wanu suli kale pa mndandanda wa bungwe lina, komanso kuti mjigowo sudzayambitsa mkangano pakati pa midzi iwiri.

Choncho sonkhanitsani kaye mapepala awa: maminitsi a msonkhano wa VDC umene unavomereza nkhaniyi, maminitsi kapena kalata ya ADC, kalata ya mwini malo, kalata ya amene akupereka ndalama, ndi kotesheni ya wokumba. Pa kalata ya mwini malo musafulumirepo. Munthu amavomera pakamwa pa msonkhano anthu akuwomba m'manja, koma pakatha zaka ziwiri mwana wake amamanga mpanda n'kunena kuti mjigo uli m'munda mwawo. Alembe kuti wapereka malowo kuti akhale a anthu onse pamodzi ndi njira yofikirapo, asayine kapena adinde chala, ndipo anyakwawa achitire umboni ndi chidindo chawo.

Kenako werengani. Musalembe kuti "anthu ambirimbiri". Mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu ali ndi kaundula wa mabanja. Mupempheni nambala, ndipo mu kalata munene kuti munaitenga kwa iye. Mtunda wopita kumjigo wapafupi umene ukugwira ntchito muuyese, kaya ndi foni kaya ndi mapazi. Chifukwa chake n'chakuti a zamadzi ali ndi miyeso imene amayendera: mjigo umodzi wa pampu yamanja umawerengeredwa anthu 250, ndipo madzi abwino sayenera kutalikira munthu kuposa mamita 500. Mukalemba kuti anthu 276 amayenda mamita 1,400, mwalankhula chilankhulo chawo, ndipo simufunikanso kudandaula.

Chinthu china chimene ambiri amachibisa ndi mjigo wakufa. Ngati m'mudzi mwanu muli mjigo umene unawonongeka, unenereni. A zamadzi ali ndi alangizi awo amene amayendera mijigo, ndiye akudziwa kale. Funso lawo loyamba lidzakhala lakuti bwanji osangokonza wakalewo, popeza kukonza n'kotchipa. Ngati vuto lake ndi ndodo zoduka kapena marabala otha, funso lawolo n'lomveka, ndipo mwina pulopozo yanu iyenera kukhala yokonza. Koma ngati unagumukira mkati, umauma chaka chilichonse pofika Okutobala, kapena madzi ake ndi amchere monga zimachitikira m'madera ena a Chikwawa ndi Nsanje, nenani zimenezo m'chiganizo chimodzi.

Kuyala kalatayo

Pamwamba lembani dzina la komiti kapena bungwe lanu, mudzi, gulupu, mfumu yaikulu, keyala, nambala ya foni imene imayankhidwa, ndi tsiku. Kalata ipite kwa Bwanamkubwa, pa udindo wake, osatchula dzina lake. Mabwanamkubwa amasamutsidwa, ndipo kalata yolembedwa dzina la munthu imatha kutengedwa ngati yake ya iye mwini. Musailembere mwachindunji kwa mkulu wa zamadzi, ngakhale mutadziwana naye. Iyeyo ndi amene adzaigwirire ntchito, inde, koma amaigwira bwino ikabwera kuchokera pa tebulo la bwanamkubwa ili ndi kamzere kakuti aione. Iye mumupatse kope.

Pansi pa keyala ya bwanamkubwa ikani mzere wakuti "Kudzera kwa", n'kutchula wapampando wa ADC ndi mfumu yaikulu, ndipo musiye mpata wokwanira chidindo. Ambiri amaiwala mpatawu, chidindo n'kugwera pa mawu ofunika.

Mutu wa kalata ukhale ndi pempho, chinthu ndi malo. "Vuto la madzi" si mutu wothandiza, chifukwa makalata otero ndi ambiri. "Pempho la chilolezo chokumba mjigo umodzi m'mudzi mwa akuti, kwa gulupu wakuti" ndiwo mutu, popeza wolandira makalata amadziwiratu fayilo yoikamo.

Ndime yoyamba ndi imene ndinaiphonya ine. Inene pempho lenileni. Kodi mukupempha chilolezo basi, ndalama muli nazo? Kodi mukupempha kuti khonsolo iike mjigowo pa ndondomeko yake ya chitukuko kuti udzalipiridwe ndi thumba la boma? Kapena mukufuna kalata yokuvomerezani imene mukaonetse kwa wothandiza amene sanapereke ndalama? Awa ndi mapempho atatu osiyana, ndipo amayankhidwa mosiyana. Loyamba likhoza kuyenda msanga. Lachiwiri limadikira bajeti, ndipo chaka cha boma cha zachuma chimayamba pa 1 Epulo, ndiye pempho lofika mu Meyi likhoza kudikira chaka chathunthu. Mukawasakaniza m'kalata imodzi, onse amayenda pa liwiro la lochedwalo.

Nayi kalata yonse. Tiyerekeze kuti ndi mudzi wa mabanja 58, umene ana ake okhala m'tauni asonkha ndalama za mjigo. Manambala onse ndi ongoyerekeza. Inu muike anu.

Komiti ya Mjigo ya m'mudzi mwa ……
Gulupu ……, Mfumu Yaikulu ……
Keyala ……, Foni ……
Tsiku ……

Kwa Bwanamkubwa
Khonsolo ya Boma la ……

Kudzera kwa: Wapampando wa ADC ……
Kudzera kwa: Mfumu Yaikulu ……

Olemekezeka Bwana,

PEMPHO LA CHILOLEZO CHOKUMBA MJIGO UMODZI M'MUDZI MWA ……, KWA GULUPU ……

Ife a komiti ya mjigo ya m'mudzi mwa …… tikupempha ofesi yanu kuti ivomereze pulopozo imene taphatika pa kalatayi, yokumba mjigo umodzi wa pampu yamanja ya Afiridevu. Sitikupempha ndalama kukhonsolo. Tikupempha chilolezo cholembedwa, komanso kuti a ofesi ya zamadzi adzaone malo ndi kuyang'anira ntchitoyi.

M'mudzi muno muli mabanja 58, anthu 276, malinga ndi kaundula wa mlangizi wa zaumoyo wa dera lathu. Mjigo wapafupi umene ukugwira ntchito uli pa mtunda wa mamita 1,400. Mjigo wakale wa m'mudzi muno unagumukira mkati, ndipo mekaniki wa dera lathu anatsimikiza kuti sungakonzeke.

Nkhaniyi inavomerezedwa ku VDC pa …… ndi ku ADC pa ……. Malo aperekedwa mwa kalata imene anyakwawa adindapo, ndipo ali pa mtunda wa mamita 60 kuchokera ku chimbudzi chapafupi.

Ntchito yonse idzadya K14,500,000, zimene gulu la ana a m'mudzi muno okhala kunja kwa mudzi lapereka, monga kalata yawo ikusonyezera. Mudzi udzapereka mchenga, njerwa ndi miyala. Komiti ya anthu 10, amayi 6 ndi abambo 4, yasankhidwa kale. Banja lililonse lizisonkha K500 pa mwezi, ndipo m'thumba la zokonzera muli kale K180,000.

Tikufuna kukumba mu Seputembala mvula isanayambe, choncho tidzathokoza kulandira yankho pofika pa 31 Julayi.

Ife anu,
…… Wapampando
…… Mlembi

Zophatikidwa: 1. Pulopozo ndi bajeti. 2. Maminitsi a VDC ndi ADC. 3. Kalata ya mwini malo ndi mapu. 4. Kalata ya opereka ndalama. 5. Kotesheni ya wokumba. 6. Mayina a mamembala a komiti.

Kope kwa: Mkulu wa zamadzi wa m'boma, Khansala wa dera la ……

Chifukwa chake mizere ina ili momwemo

Dzina la pampu silinalembedwe mongokongoletsa. Afiridevu ndiyo pampu imene yafala pa mijigo ya m'midzi ya ku Malawi, ndiye zipangizo zake zimapezeka m'masitolo a m'maboma, ndipo amekaniki a m'madera anaphunzitsidwa kuikonza. Wothandiza wina akabwera ndi pampu yachilendo, ikadzathyoka mudzasowa kogula kachitsulo kamodzi. Wa zamadzi akaona dzina limeneli amadziwa kuti nkhawa imodzi yamuchoka. Ngati yanu ndi ya sola, yokhala ndi thanki ndi mipopi, nenani momveka, chifukwa mafunso ake ndi ena: madzi ochuluka bwanji, adzalondera ndani, adzakonza ndani.

Mzere wopempha kuti a zamadzi adzayang'anire ntchito ndi umene umateteza ndalama zanu. Mjigo umabisa zolakwa zake pansi. Wokumba akhoza kuima pa mamita 28 chifukwa madzi atuluka, n'kulemba kuti wafika 45. Akhoza kuika mapaipi ochepa, kapena kusathira timiyala tosefera madzi mozungulira mapaipiwo. Tsiku lotsegulira madzi amatuluka, amayi n'kuimba nthungululu. Pakatha miyezi ingapo madzi amayamba kubwera ndi mchenga umene umadya marabala, kapena pofika Okutobala chogwirira chimapepuka m'manja, kusonyeza kuti pampu ikukoka mpweya. Munthu wa mu ofesi ya zamadzi akakhalapo amawerenga mapaipi akamalowa, ndipo amaona poyesa kuchuluka kwa madzi. Inunso mukhoza kuyesa: pa pampu yamanja pamafunika pafupifupi kota ya lita pa sekondi, kutanthauza kuti ndowa ya malita 20 idzadze m'masekondi 80, ndipo zipitirire choncho kwa nthawi yaitali, osati kwa mphindi zisanu zokha. Mu bajeti ikanimo mafuta a woyang'anirayo. Maofesi ambiri a m'maboma ali ndi anthu odziwa ntchito koma kayendedwe ndi kovuta, ndipo mukapanda kukonzekera, makina adzafika iye kulibe.

Mtunda wa chimbudzi ukhalemo. Mjigo suyenera kuyandikira chimbudzi, khola kapena dzala kuchepera mamita 30, ndipo ukhale kumtunda kwake, osati kumunsi kumene zonyansa zimatsikira. Manda atalikirenso. Pambuyo pa kolera imene inavuta dziko lino mu 2022 ndi 2023, a zaumoyo sangalole kuti funso limeneli lidumphidwe. Koma musalembe ngati kuti malo mwamaliza kusankha. Malo enieni oboola amadziwika akabwera oyeza pansi ndi zida zawo, ndipo akhoza kusuntha ndi mamita ambiri kuchoka pamene mudzi umafuna. N'chifukwa chake ndi nzeru kukhala ndi malo awiri kapena atatu, onse eni ake atavomera, n'kuwajambula pa mapu. Mapu a pamanja ndi okwanira, bola asonyeze msewu, nyumba, zimbudzi ndi mjigo wakale. Ngati wina ali ndi foni yotha kutenga manambala a GPS, alembeni pambali.

Nambala ya 276 yapitirira 250, ndipo wina pa komiti adzanena kuti tichepetse kuti zigwirizane. Musatero. Kupitirira pang'ono choncho kukungosonyeza kuti mjigowo ukufunikadi. Koma mukakhala anthu 600, mjigo umodzi udzakhala wa mizere ndi mikangano, ndipo pampu yake idzatha msanga. Pamenepo lembani kuti uwu ndi woyamba, ndipo munene chigawo cha mudzi chimene udzatumikire.

Ndime ya ndalama ndi imene imawerengedwa kawiri. Nambala ya mu kalata ifanane ndendende ndi ya mu bajeti ndi ya pa kotesheni. Kusiyana kwa K50,000 kokha kumadzutsa chikayiko chimene masamba khumi sangachichotse. Muonenso ngati kotesheniyo yaphatikiza kuyeza malo, kuboola, mapaipi, pampu, simenti yozungulira mjigo ndi ngalande yake, kuyesa ukhondo wa madzi, ndi maphunziro a komiti. Ziwiri zomalizazi ndi zimene zimasiyidwa kawirikawiri. Funsaninso wokumba kuti akaboola osapeza madzi adzalipira ndani, ndipo yankho lake lilembedwe mu pulopozo. Mitengo ikusintha msanga masiku ano, choncho kotesheni ikhale ndi tsiku, ndipo ikakalamba mutenge ina.

Za msonkhamsonkha, chitani masamu poyera. Mabanja 58 akamapereka K500 pa mwezi zimakwana K29,000 pa mwezi, K348,000 pa chaka. Zoona zake n'zakuti si onse adzapereka. Pali agogo amene mudzi udzawakhululukira, ndipo mu Januwale ndi Febuluwale ndalama zimasowa. Midzi ina imasonkha kamodzi pokolola. Njira iliyonse imene mwagwirizana ilembeni momwe ilili. Chimene chimalankhula kwambiri ndi ndalama zimene zili kale m'thumba, chifukwa lonjezo aliyense amalemba.

Tsiku la yankho likhale ndi chifukwa chake. Kukumba m'chilimwe, makamaka cha mu Seputembala mpaka Novembala, n'kwabwino pa zifukwa ziwiri: galimoto yolemera ya makina imafika m'mudzi osatitimira, ndipo madzi apansi amakhala atatsika kwambiri, ndiye amene mwawapeza nthawi imeneyo ndi okhalitsa. Mjigo wokumbidwa mu Febuluwale umanamiza. Mukafotokoza choncho, tsikulo silimveka ngati mukulamula abwana. Werengerani cham'mbuyo: misonkhano ya ADC ndi ya kukhonsolo sichitika sabata iliyonse, ndiye kalata yofuna kukumba mu Seputembala ituluke m'mudzi pofika Meyi kapena Juni.

Zosayenera kulowamo

Musatchulemo chipani, kapena kudandaula kuti phungu anakulonjezani n'kukunamizani. Musalembe kuti mudzi woyandikana nawo unakonderedwa. Musaike nambala ya odwala kapena omwalira imene simunaitenge kuchipatala kapena kwa mlangizi wa zaumoyo. Mawu otamanda abwana mzere wonse safunika. "Olemekezeka Bwana" ndi "tidzathokoza" ndi ulemu wokwana.

Makalata ambiri a m'maofesi a boma amalembedwa m'Chingerezi. Ngakhale zili choncho, yambani mwailemba m'Chichewa ndi kuiwerenga pamaso pa komiti ndi anyakwawa, kuti aliyense amve zimene akusayinira. Ngati mwaganiza zoimasulira, womasulirayo asawonjezere kapena kuchotsa kanthu, ndipo manambala muwafananitsenso. Ngati olemba ndinu bungwe osati komiti ya mudzi, onjezani mzere wa nambala ya kalembera wanu ndi kope la satifiketi, ndipo yembekezani kuti mudzaitanidwa kukafotokoza ku DEC.

Kupereka ndi kulondola

Pangani makope atatu. Kalata yeniyeni, yokhala ndi zidindo zonse, mukaipereke ku ofesi yolandira makalata ya kukhonsolo, osati kwa munthu amene mwakumana naye pakhonde, ngakhale atakhala mbale wanu. Pemphani kuti pa kope lanu adindepo chidindo cha tsiku limene alandira. Kope lodindidwalo mlembi alisunge mu pulasitiki, chifukwa kalata ikasowa ndilo lidzakuyankhulireni. Kope lina mukalisiye nokha ku ofesi ya zamadzi, ndipo mufunse tsiku la msonkhano wotsatira umene nkhani yanu ingakambidwe.

Pakatha milungu iwiri pitaninso, mutanyamula kope lija. Musafunse kuti "Zili pati?" Funsani kuti, "Bwana, kalata yathu ya pa tsiku lakuti ili pa tebulo la ndani, ndipo chilipo chimene chikusowa?" Funso lotere limayankhika. Akakuuzani chosowa, kachikonzeni n'kuchibweretsa ndi kakalata kakafupi kotchula mutu ndi tsiku la kalata yoyamba, kuti zonse zikhale mu fayilo imodzi.

Chilolezo cha pakamwa musachidalire. "Pitani mukakumbe, palibe vuto" si pepala, ndipo wonenayo akhoza kusamutsidwa mwezi wamawa. Dziwaninso kuti kalata ya khonsolo siilowa m'malo mwa chilolezo chokumbira. Lamulo la zamadzi la 2013 linapereka udindo umenewo ku bungwe la boma loyang'anira madzi a m'dziko muno la NWRA, limene limaperekanso malayisensi kwa okumba mijigo. Funsani mkulu wa zamadzi kuti akulongosolereni kapezedwe kake, ndipo wokumba wanu akuonetseni layisensi yake musanamupatse ndalama yoyamba. Makina alowe m'mudzi mapepala onse awiri ali m'manja mwa mlembi.